Masiku Khumi ndi Asanu Ogwira Ntchito

Kalatayo inabwera m'chikwama cha Kabatani, pakati pa kope lonyowa ndi khoko la nthochi. Linali Lachiwiri, pa 10 Juni. Anali masamba awiri opanidwa ndi kawaya, zilembo zake zing'onozing'ono ngati nyerere. Patsamba lachiwiri panali tsiku lolembedwa ndi zilembo zakuda bii, ndipo aphunzitsi ake analizunguliza ndi cholembera chofiira: 30 Juni. M'mbali mwake analembamo kuti, "Mayi, tsiku lomaliza ndi ili. Musachedwe."

Kabatani ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Samva. Anadwala matenda oumitsa khosi ali ndi chaka chimodzi. Anachira, koma makutu ake anatsekeka kuyambira pomwepo. Bambo ake anapirira zaka ziwiri, kenako anapeza ntchito kutali, kenako anapeza mkazi komweko. Dzina loti Kabatani anamupatsa ndi anthu akuntchito kwanga. Ndimagwira pamalo ochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo Loweruka ndikapita naye, iye amakwawa pansi pa makina n'kumatola mabatani othothoka. Amawasunga m'chitini cha mkaka.

Kusukulu yake m'kalasi muli ana opitirira makumi asanu ndi atatu. Iye amakhala kutsogolo, kuyang'ana milomo ya aphunzitsi, n'kumajambula zilembo ngati mmene munthu amajambulira maluwa. Amazijambula bwino kwambiri, koma sadziwa kuti zimanena kanthu. Kunyumba tili ndi chilankhulo chathu cha manja chimene tinapanga tokha. Kugwira mimba ndi njala. Kukoka khutu ndi kusukulu. Kupinda nkhonya pachifuwa ndi ine. Mawu athu onse sangakwane makumi asanu, ndipo pa dziko lonse timawadziwa anthu awiri basi.

Sukulu ya ana osamva ilipo, yogonera komweko, ulendo wa basi wa maola atatu. Kalatayo inali ya kulembetsa ana kumeneko. Nditaona mzere wofiirawo ndinawerenga zala, n'kupeza kuti kwatsala masiku makumi awiri. Ndinati nthawi ilipo. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba la yunifomu.

Mawa lake pa nthawi yopuma masana ndinaitulutsa, osati chifukwa ndinkakayika, koma ndinkafuna kudziwa zoti ndikonze. Ndinakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa makina oumitsa, pamene pamafunda. A Simbi ankadya buledi ndi tiyi patebulo lawo. A Simbi ndi bambo wachikulire amene wasita zovala pamalopo kuyambira ine ndisanabadwe, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika.

Ndinayamba kuwerenga ndime yoyamba. "Potsatira kalata yathu ya chaka chatha yokhudza nkhani yomwe yatchulidwa pamutupa, komanso mogwirizana ndi mfundo zomwe zinamangidwa pa msonkhano wa mbali zonse zokhudzidwa, ndiponso pozindikira kufunika kwa maphunziro osasiya aliyense m'mbuyo, ofesi ino ili ndi chimwemwe..."

Ndinafika pa chimwemwepo nditaiwala pamene ndinayambira. Ndinabwereza. Mawu alionse pawokha ndinkawadziwa, koma akagwirana manja onse pamodzi ankandithawa. Sukulu ndinalekeza folomu 2, mimba ya Kabatani itayamba kuoneka mu yunifomu, ndipo kuyambira pamenepo pepala lililonse la ku ofesi limandichititsa kumva ngati ndaimitsidwa kutsogolo kwa kalasi.

"A Simbi, tandiwerengereni ichi."

Anapukuta manja, n'kuligwira pepalalo patali ndi maso.

"Amene analemba ichi amadya kaye mokwanira," anatero. "Munthu wanjala sangazungulire chonchi. Ukufuna chiyani, mwanawe? Si apa akulembera ndi chofiira?"

"Ndikufuna kudziwa zoti ndichite."

"Uchite zimene anena aphunzitsi. Ine magalasi ndinasiya kunyumba, ndipo ngakhale ndikanabwera nawo, awa si mawu a anthu ositira ena malaya."

Ndinaimbira foni bambo ake a mwana. Inaitana mpaka kuduka. Ndinajambula kalatayo n'kutumizira alamu anga, achemwali awo a bambowo, amene amagwira ntchito mu ofesi. Anayankha mwachangu. "Ndaona mlamu, ndili mu mitingi, ndiwerenga madzulo." Mpaka lero sanawerenge.

Ndinakhala ndi pepalalo pamwendo, makina akulira kumbuyo kwanga. Pa shelefu pafupi nane panali buku la matikiti a zovala. Munthu akabweretsa suti, amalankhula zambiri. Amakuuza kuti ndi ya ukwati wa mphwake, kuti anaigula kunja, kuti amene anachapa ulendo watha anaiwononga. Iwe umamvetsera, umagwedeza mutu, koma pa tikiti umalemba zinthu zitatu zokha: mwini wake ndani, ichitidwe chiyani, idzatengedwa liti. Zina zonse ndi nkhani.

Ndinatenga matikiti akale ogwira kale ntchito mu bini, n'kuwatembenuza kumbuyo koyera. Ndinati kalatayi ndiitenga ngati kasitomala wolongolola. Ndime iliyonse ndiifunsa mafunso atatu. Ndani? Achite chiyani? Pofika liti? Ndime yosayankha ndiikhwatcha.

Ndinayambira pamwamba penipeni, pamene poyamba ndinadumpha. "Kwa: Aphunzitsi aakulu onse a sukulu za pulayimale. Kuchokera kwa: Mkulu wa ofesi ya maphunziro. Tsiku: 2 Juni." Pamenepo ndinaima. Kalatayi siinalembedwere ine. Inalembedwera ahedi. Ndiye kuti pamene ikunena kuti "mukupemphedwa", wopemphedwayo si ine. Ine ndiyenera kudzifunafuna mkatimo.

Ndime 1, ya chimwemwe ija, inalibe woti achite kanthu. Ndinaikhwatcha ndi pensulo. Mtima unapepuka pang'ono.

Ndime 2 inati kalatayi ikulowa m'malo mwa ya chaka chatha, ndipo ndondomeko yakale yatha ntchito. Palibe chochita, koma sindinaikhwatche. Ndinalemba pa tikiti kuti: zimene anachita anthu chaka chatha usazimvere.

Ndime 3 inazungulira mizere isanu, koma pakati pake panali fupa. Mwana wolowa kalasi yoyambira akhale asanakwanitse zaka zisanu ndi zitatu pa tsiku lotsegulira sukulu. Sukulu imatsegulidwa mu Sepitembala. Kabatani amakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu mu Novembala. Chaka chino akulowa. Chaka chamawa chitseko chidzakhala chitatsekeka. Ndinawerenga kawiri.

Ndime 4 inayamba ngati zinzake. "Pofuna kuonetsetsa kuti ntchitoyi yayenda mwachilungamo ndi mosakondera, ndiponso poganizira zovuta zomwe zinaoneka m'zaka za m'mbuyomu," ndipo pensulo yanga inali itayamba kale kukhwatcha. Kenako ndinaona mawu oti makolo. "Makolo kapena olera ana akuyembekezeka kupereka kwa mphunzitsi wamkulu zikalata zomwe zatchulidwa m'ndime 6, pasanathe masiku khumi ndi asanu ogwira ntchito kuchokera pa tsiku la kalata ino."

Ndani? Ine. Chiyani? Kupereka zikalata kwa ahedi. Liti? Panalibe tsiku lolembedwa. Panali masamu.

Ndinathamangira pa ndime ya mzere wofiira ija, ndime 7, n'kuifunsa mafunso omwewo. "Aphunzitsi aakulu aonetsetse kuti mafomu onse, komiti ya sukulu itawaunika, afika ku ofesi ino pofika pa 30 Juni." Ndani? Ahedi. Tsiku lija linali loona, koma silinali langa.

Pakhoma pamwamba pa kauntala pali kalendala ya kampani ya sopo. Ndinaima pamenepo ndi pensulo. Pa 2 Juni linali Lolemba. Ndinadumpha Loweruka ndi Lamlungu, n'kuyang'ana ngati m'mwezimo muli tsiku lofiira la tchuthi. Munalibe. Ndikayamba kuwerenga mawa lake, pa 3, tsiku la khumi ndi chisanu limagwa Lolemba pa 23. Ndikawerengera ndi tsiku la kalata lomwe, limagwa Lachisanu pa 20. Sindinadziwe kuti a ku ofesi amawerenga motani, ndipo panalibe womufunsa. Ndinalemba 20. Zovala za ukwati sumazimaliza m'mawa wa ukwatiwo.

Pakona ya kalatayo panali chidindo cha sukulu chosonyeza kuti anailandira pa 9. Sabata yathunthu inathera m'njira, kalata isanafike n'komwe, ndipo masikuwo ankawerengedwa.

Ndime 5 inali ya ahedi koma inkaluma ine. Iwo adinde tsiku lolandirira pa fomu iliyonse. Fomu yodindidwa nthawi itadutsa, kapena yosowa chikalata chimodzi, siidzaganiziridwa.

Ndime 6 ndinaigawa pa matikiti anayi. Fomu A, yosainidwa ndi kholo limodzi kapena womulera mwana. Apa ndinapuma, chifukwa ndinkaopa kuti afuna dzanja la bambo ake. Koma fomuyo, imene kalata inati yaphatikizidwa, panalibe. Anajambula masamba awiri okha. Chachiwiri, kope la satifiketi yakubadwa, lotsimikizidwa ndi munthu wovomerezeka kulumbiritsa. Chachitatu, zithunzi ziwiri zazing'ono. Chachinayi, lipoti la kuyezedwa makutu la kuchipatala, losapitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Lipoti ndinali nalo, koma la zaka ziwiri zapitazo. Ndipo ndinkakumbukira mmene ndinalipezera. Kuchipatala chachikulu amayeza makutu Lachinayi lokha, anthu makumi awiri oyambirira pamzere. Lipoti silituluka tsiku lomwelo. Limadikira siginecha ya dokotala wamkulu masiku atatu ogwira ntchito. Ndinabwerera pa kalendala. Ndikapita Lachinayi la pa 19, lipoti ndidzalitenga Lachiwiri pa 24, nthawi itadutsa ngakhale pa kuwerenga kwachifundo kuja. Lachinayi lina linali la pa 12.

Pa 12 linali mawa.

Abwana athu ndi mayi wosakonda nkhani zadzidzidzi. Ndinawapeza akupachika madiresi m'mapulasitiki, n'kuwapempha kuti mawa ndisabwere kuntchito.

"Mawa? Lachinayi limene timalandira nsalu za ku hotela? Amake Kabatani, mwana wanuyu wayamba kusamva lero?"

"Ayi, abwana. Kalata ndi imene yafika dzulo."

Ndinawaonetsa. Anayang'ana pofiira pokha.

"Apa alemba 30. Mukapite sabata yamawa."

Ndinawaonetsa ndime 4, ndi kalendala, ndi matikiti anga. Anayang'ana matikitiwo m'malo mwa zolembazo.

"Ndi matikiti angatu awa."

"Ndi a mu bini, abwana."

A Simbi analankhula ali chozolikira pa malaya, osatembenuka. "Musiyeni apite. Nsalu za hotela ndipinda ndine. Akabwera adzandisitira makolala Loweruka, msana wanga upumeko." Kenako anawonjezera chapansipansi, "Loya wathu wa mu bini."

Abwana anaseka, n'kuvomera.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinadzera ku saluni ya pakona ya msewu wathu. Mwini wake ali ndi mwana wamkazi wosamva, wamkulu kwa Kabatani ndi miyezi iwiri, ndipo ana awiriwa amakhala desiki imodzi. Ndi mnzake yekhayo wa Kabatani. Ine ndi mayiyo si mabwenzi kwenikweni, koma tinagwirizana kalekale kuti ana athu adzapitira limodzi, mabedi awo adzakhala oyandikana. Ndinawapeza akuluka munthu, chipeso chili kukamwa.

"Asisi, kalata ija mwaiwerenga?"

"Ndaona. Pa 30."

"Pa 30 ndi pa ahedi. Ife tsiku lathu ndi pa 20. Tipite mawa kuchipatala, ndidzakudzerani mbandakucha."

Anachotsa chipeso kukamwa. "Wakuuzani ndani?"

"Ndawerenga."

Mayi amene ankalukidwayo anandiyang'ana pagalasi, kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi.

"Aphunzitsi alemba ndi dzanja lawo, ndi chofiira," anatero a saluni. "Ndiye inu mwawaposa aphunzitsi? Chaka chatha mwana wa kutchalitchi kwathu anangopita ndi buku lakuchipatala, anamulandira. Ine mawa ndili ndi akwati awiri. Ndidzapita Lachinayi linalo."

"Za chaka chatha zinatha, alemba mu ndime 2. Taonani apa."

"Manja anga ali ndi mafuta, asisi. Inu mumakonda kudzipanikiza, n'chifukwa chake mukuonda."

Anaseka, wolukidwayo anasekanso. Ndinaika tikiti imodzi pa shelefu yawo, pafupi ndi botolo la shampu, nditalemba masiku onse. Ndikutuluka ndinayamba kudzikayikira. Mphunzitsi, abwana, a saluni, onse akuona 30. Ine wa folomu 2 ndikuona 20. M'chipinda chathu ndinawerenganso ndime 4 mokweza, Kabatani akuyang'ana milomo yanga. Anaganiza kuti ndikuimba, anayamba kuomba m'manja.

Kuchipatala tinali a nambala 14. Tinakhala pabenchi m'khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Anthu ena anabwera awiriawiri, wina kusunga malo pamzere, wina kukagula madzi. Ine Kabatani atafuna kuchimbudzi ndinasiya nsapato yanga imodzi pabenchi, n'kupita naye ndikutsimphina.

Woyeza makutu anali mayi wamfupi wa magalasi. Anamuunika m'makutu ndi katochi, kenako anatilowetsa m'kachipinda ka makoma ofewa kamene ukalowamo umamva mtima wako ukugunda. Anamuveka Kabatani zomvera kumakutu, n'kumusonyeza ndi manja kuti akamva kulira aponye kamtengo m'bokosi. Kabatani anakana timitengoto. Anatulutsa batani lake lobiriwira m'thumba, n'kuligwira pamwamba pa bokosi. Anadikira. Ine ndinkaona dzanja la mayiyo likupotoza makina, kukweza, kukwezanso. Mwana wanga anali tcheru, maso ali pa ine, akufunitsitsa kuchita bwino. Patapita nthawi yaitali batani linagwa.

"Akufunika sukulu yake," anatero mayiyo akulemba. "Munachedweranji?"

Ndinangofunsa kuti lipoti ndidzatenge liti.

"Lachiwiri. Musabwere Lolemba, mudzangotopa."

Kuchokera kumeneko tinadzera kojambulitsa zithunzi, kenako kusukulu, ana akuweruka. Akalaliki anati Fomu A ili mu kabati ya ahedi, ahedi ali kumsonkhano mpaka Lolemba, ndipo kiyi anapita nayo. Ndinawapeza aphunzitsi a Kabatani akufufuta bolodi, choko chili mbuu mpaka m'tsitsi.

"Madamu, pepani, ndili ndi funso pa kalata ija."

Ndinawasonyeza ndime 4 ndi ndime 7 moyandikana. Anawerenga ataima, kenako anakhala pa desiki ya mwana n'kuwerenganso. Anagwira pakamwa.

"Mayi, makalata awa amabwera atatu pa sabata," anatero. "Ife tinazolowera. Timangoyang'ana pamene adetsa zilembo, chifukwa pamenepo ndi pamene ofesi imatikalipira tikachedwa. Ndinazunguliza tsiku lathu. Sindinaganize kuti inu muli ndi lanu."

"Ndiye ndawerenga bwino?"

"Mwawerenga bwino."

Ndinkayembekeza kuti ndisangalala. Koma ndinangoganiza za a saluni, ndi kuti Lachinayi lija linali litapita kale. Aphunzitsi anawaimbira foni pomwepo. Ndinamva mawu awo pafonipo akukwera, "Koma munalemba nokha, madamu!"

Lachisanu pa nthawi yopuma ndinathamangira kukhoti ndi satifiketi yakubadwa ndi kope lake. Ndinkaganiza kuti andilumbiritsa nditakweza dzanja. Bambo wa pawindo anangotenga mapepala onse awiri n'kulowa nawo mkati, kwa woweruza, amene anayerekeza, kudinda ndi kusaina. Loweruka ndinasita makolala a a Simbi. Lolemba m'mawa, ndisanapite kuntchito, ndinawadikira ahedi pakhomo pa ofesi yawo mpaka anatsegula kabati. Fomu A ndinailemba poyamba ndi pensulo, kenako ndi cholembera. Pamzere wa dzina la bambo ndinalemba dzina lawo. Pamzere wa kumene amakhala ndinasiya mpata, chifukwa sindikudziwa. Lachiwiri ndinatenga lipoti. Tikiti iliyonse ikatha ndinkaibaya pa msomali wa kuseri kwa chitseko, ngati mmene timachitira kuntchito zovala zikatengedwa.

Lachitatu pa 18 ndinapereka zonse. Akalaliki anaziponya mu thireyi.

"Zafika, mayi. Pitani."

"Chidindo."

"Tidzadinda zonse pamodzi zikakwana."

"Ndime 5 ikuti mudinde tsiku limene mwalandira. Ndidikira."

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anatsegula diro, n'kutulutsa chidindo, ndipo ndinaona kuti chinali chidakali pa 9 Juni. Anapotoza timawilo take mpaka pa 18, n'kudinda. Ndinapempha kuti adindenso kumbuyo kwa tikiti yanga yomaliza.

"Iyi ndi ya zovala."

"Dindani basi, bambo."

A saluni anapita kuchipatala pa 19. Anapempha kuti lipoti lituluke msanga, koma dokotala wosainayo kunalibe. Anayesa kupereka fomu yopanda lipoti, ahedi anawasonyeza ndime 5. Zonse zinakwana pa 24. Ahedi anadinda tsiku lenileni, n'kulemba kalata yofotokoza kuti kulakwa kunali kwa sukulu. Mu Ogasiti yankho linabwera. Malo anali ochepa, ofunsira ambiri, ndipo mafomu ochedwa sanatsegulidwe n'komwe. Pa mndandanda panali dzina la Kabatani. La mnzake panalibe.

Ndinapita ku saluni kuti ndikawauze kuti kalata ya ku ofesi ya maphunziro ija ili ndi ndime ina, ya 9, yonena za kudandaula pasanathe masiku khumi chitulukireni mndandanda. Ndinali nditawalembera kale tikiti. Anailandira osandiyang'ana, n'kuiika m'thumba la epuloni.

"Zikomo, loya," anatero.

Sindikudziwa ngati anadandaula. Masiku ano tikakumana pamsewu timapatsana moni wa pakamwa pokha.

Chovuta chinali kumuuza Kabatani. Pa mawu athu makumi asanu aja panalibe oti kutali, kapena oti miyezi itatu. Ndinakoka khutu, kusukulu. Ndinaika manja pa tsaya, kugona. Anagwedeza mutu, akuseka. Anapinda nkhonya pachifuwa, kufunsa ngati inenso ndikupita. Ndinapukusa mutu. Analoza kumsewu, kwa mnzake. Ndinapukusanso mutu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukakhuthula mabatani ake pamphasa n'kuyamba kuwasanja, atandifulatira.

Zovala zake zonse ndinazisokera dzina pakolala. A Simbi anasita mayunifomu ake awiri okha, osalola wina kuwakhudza, n'kuikamo m'thumba batani lagolide la jekete ya munthu wina amene sanabwerenso kudzaitenga.

Tsiku lotsegulira tinafika masana. Pabwalo panali ana ambiri, koma phokoso linali la mapazi ndi kuseka kokha. Manja anali paliponse, akuthamanga, akukangana, akunena miseche. Kabatani anaima n'kundigwira siketi. Mtsikana wina wamkulupo anabwera, n'kuloza chitini chimene Kabatani anakumbatira, n'kuchita chizindikiro ndi zala ziwiri pa malaya ake. Anabwereza. Kabatani anasiya siketi yanga, n'kuyesa. Mtsikanayo anamukonza chala. Anayesanso.

Mayi woyang'anira kogona anandiuza kuti chizindikirocho ndi batani. Ndinachiyesa inenso, koma palibe amene ankandiyang'ana.

Pochoka ndinapinda nkhonya pachifuwa. Iye anayankha mwachangu, ndi dzanja limodzi, linalo likutsegula chitini kuti anzake aone.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Chipinda chathu n'chimodzi, bedi limodzi, mbale ziwiri. Ndinkaganiza kuti nyumba ya mwana wosamva ndi yachete kale, koma ndinalakwitsa. Kabatani ankakoka mipando, ankamenyetsa zitseko, ankaimba nyimbo yake ya liwu limodzi osadziwa kuti ikumveka. Tsopano ndinkamva wailesi ya anthu oyandikana nawo, ndi mpopi ukudontha panja. Ndinaphika tiyi, n'kupeza kuti ndatulutsa makapu awiri.

M'chikwama munali kalata imene anatipatsa pageti, masamba atatu. "Pofuna kulimbikitsa ubale wabwino pakati pa sukulu ndi makolo, komanso potengera zomwe bungwe loyendetsa sukulu linagwirizana..." Panalibe mzere wofiira paliponse. Ndinachotsa tikiti imodzi pa msomali, n'kupeza mpata woyera m'mphepete mwake. Ndinakhwatcha ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi inali ya ophika. Yachisanu inali ya makolo a ana omaliza sukulu. Ndinadzipeza mu ndime 8, pansi penipeni pa tsamba lachiwiri. Makolo amaloledwa kuona ana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira mwezi wachiwiri wa teremu, ndipo m'mawa wa tsikulo pamakhala phunziro la chilankhulo cha manja la makolo, kuyambira 9 koloko. Wofuna kulowa nawo alembetse pafoni pasanathe masiku asanu ndi awiri chitsegulireni sukulu.

Ndinalemba. Ndani: ine. Chiyani: kuimba foni. Liti: mawa.

Pansi pake ndinalembanso mzere wina, Loweruka pa 4 Okutobala, basi yoyamba. Kenako ndinabweza kapu inayo pa shelefu.